Chenjezo kwa oweta nsomba: thanki yatsopano ndi yosapsa, lekani kuponyamo nsomba

Loweruka lapitali ndinaitanidwa kunyumba kwa mwana wa mchemwali wanga kuti ndikaone chimene chikupha nsomba zake, ndipo zimene ndinapeza zandisowetsa mtendere mpaka lero. Mnyamatayu anagula thanki yagalasi ya malita 100, anaidzaza madzi apampopi m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataponyamo kale nsomba 14 za mtundu wa mbuna. Patsiku lachisanu ndi chinayi zisanu ndi imodzi zinali zitafa, ndipo zotsalazo zinali zitaunjikana pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa, makha atafiira, zipsepse zitamatirira kuthupi. Nditamufunsa kuti amoniya anali wochuluka bwanji m'madzimo, anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo chachilendo. Yankho lake linali lakuti, "Malume, madziwo ndi oyera, ndipo wogulitsa anati tsiku limodzi ndi lokwanira."

Madzi oyera! Kodi ndi liti pamene maso a munthu anayamba kuona amoniya? Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha usana ndi usiku, ndowe zake ndi zakudya zotsala zikamaola zimawonjezera wina, ndipo m'thanki yatsopano mulibe chilichonse chomuchotsa. Sefa imene mwaitulutsa m'katoni lero ndi siponji chabe. Imayamba kugwira ntchito yake yeniyeni pamene mabakiteriya akhazikika m'siponjimo, m'miyala ndi mumchenga. Gulu loyamba, la Nitrosomonas ndi anzake, limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, ndipo gulu lachiwiri, makamaka Nitrospira, limasandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene nsomba zimamupirira akakhala wochepa. Mabakiteriyawa amaswana pang'onopang'ono, ndipo ntchito yonseyi imatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina isanu ndi itatu. Kodi mukuganiza kuti adzafulumira chifukwa choti inu muli ndi alendo Lamlungu?

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti nsomba zake zinali mbuna, za m'nyanja yathu yomwe ino, zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America amazisamala ngati dzira. Mlingo wotchedwa pH umaonetsa kuchuluka kwa asidi m'madzi, ndipo ukakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa. Mbuna zimafuna madzi a pH yokwera, pafupifupi 8, ndipo m'madzi oterowo ndi mmene amoniya amalusa. Pa pH 7 gawo la amoniya limene limapha nsomba ndi laling'ono kwambiri, koma pa pH 8 gawolo limachuluka pafupifupi kakhumi, ndipo madzi akamafunda limakwererabe. Choncho mlingo umene nsomba zina zingaupirire masiku angapo umawotcha makha a mbuna mofulumira. Amene amanena kuti mbuna ndi zolimba, zimapirira chilichonse, anayamba waiona ikudzikhula pamwala ndi kupuma mwawefuwefu?

Ndinamuuza mnyamatayo njira yake, ndipo ndikuilemba pano kuti wina asadzanene kuti sanamve. Dzazani thanki, thirani mankhwala ochotsa klorini, chifukwa klorini wa m'madzi apampopi anaikidwamo kuti aphe mabakiteriya ndipo sasankha abwino kapena oipa. Yatsani sefa, madzi akhale ofunda madigiri 26 mpaka 28, ndipo musaikemo nsomba ngakhale imodzi. Kenaka thirani amoniya wopanda sopo kapena zonunkhiritsa mpaka choyezera chionetse mamiligalamu 2 pa lita imodzi. Botolo limene likuchita thovu losatha mukaligwedeza lili ndi sopo, lisiyeni. Ngati amoniya wotere simungamupeze, ponyani kachakudya kansomba tsiku lililonse kuti kaolere m'madzimo, ngakhale njira imeneyi imachedwa ndipo mlingo wake ndi wovuta kuulondoloza. Gulani zoyezera zitatu, cha amoniya cholembedwa NH3/NH4, cha naitiraiti cholembedwa NO2 ndi cha naitireti cholembedwa NO3, ndipo muziyeza masiku awiri kapena atatu aliwonse n'kumalemba m'kope. Munthu amene wakwanitsa kugula galasi, nyali ndi nsomba 14 asandiuze kuti ndalama ya zoyezera inamusowa.

Mlungu woyamba simudzaona kusintha kulikonse, ndipo n'zoyenera kutero. Chakumapeto kwa mlungu wachiwiri amoniya amayamba kutsika ndipo naitiraiti amaonekera. Apa ndi pamene ambiri amalakwa kachiwiri, chifukwa akaona kuti amoniya wafika pa 0 amathamangira kukagula nsomba, osadziwa kuti thankiyo yangosintha poizoni. Naitiraiti amalowa m'magazi a nsomba n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, moti makha amasanduka ofiirira ngati dothi ndipo nsomba imabanika m'madzi odzaza ndi mpweya. Nyengo ya naitiraiti ndiyo yaitali, imatha kutenga milungu iwiri kapena itatu, ndipo m'nyengo yonseyi muyenera kupitiriza kuthira amoniya pang'onopang'ono kuti gulu loyamba lija lisasowe chakudya. Thanki yapsa pokhapokha mukathira amoniya kufika pa mamiligalamu 2 pa lita, n'kupeza kuti patatha maola 24 amoniya ali pa 0, naitiraiti ali pa 0, ndipo naitireti akuoneka. Zikatero sinthani theka la madzi kapena kuposerapo kuti naitireti atsike, ndipo pamenepo ndi pamene nsomba zingalowe.

Nanga zina zimene ndimamva ndingazitchule bwanji? Wina amatsuka siponji ya sefa pampopi mpaka itayera mbuu, n'kumadzitama kuti ndi waukhondo, pamene wapha mabakiteriya onse amene anawadikira mwezi wathunthu. Siponji imafinyidwa pang'ono m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, basi. Wina amazimitsa sefa usiku uliwonse ati kuti asunge mayunitsi a magetsi, ngati kuti mabakiteriyawo sapuma. Kuzimazima kwa magetsi kumatisautsa kale, ndipo magetsi akapita kwa maola ambiri munthu wanzeru amatulutsa siponji m'sefa n'kuiika m'thanki, kapena amakhala ndi kapampu ka mabatire, ndiye inu mukuwonjezeranji dala vuto limene lilipo kale? Wina amakatunga ndowa ya madzi m'thanki ya mnzake n'kumati wafupikitsa ntchito, chonsecho mabakiteriyawa amakhala omatirira pa zinthu, m'madzimo muli ochepa zedi. Chimene chimafupikitsadi nthawi ndi chidutswa cha siponji yakale chochokera m'thanki ya nsomba zathanzi, chonyamulidwa chili chonyowa n'kuikidwa m'sefa yanu tsiku lomwelo, komabe ngakhale mutatero kuyeza sikulekedwa. Ndipo alipo amene amagula tinsomba totchipa kuti tiyambitse thanki, akudziwa bwino lomwe kuti tikavutika ndi kufa. Kodi moyo wa nsomba umachepa chifukwa mtengo wake ndi wochepa?

Mbuna zisanu ndi zitatu zotsala zija tikulimbana nazo. Tikusintha theka la madzi tsiku lililonse ndi madzi ochotsedwa klorini, tachepetsa chakudya kufika kamodzi pa masiku awiri, ndipo ndinadula chidutswa cha siponji ya m'thanki yanga n'kukachiika m'sefa yake. Dzulo naitiraiti anali akadali pa mamiligalamu 0.5 pa lita, ndipo imodzi mwa nsombazo ikukanabe kudya. Mnyamatayo tsopano akunyamula malita 50 a madzi tsiku ndi tsiku, ntchito imene sakanaigwira akanangodikira milungu isanu ndi umodzi.

Ndipo inu ogulitsa amene mumapereka thanki ndi nsomba m'manja mwa munthu mmodzi tsiku limodzi, mukudziwa bwino chimene chidzachitike, manyazi akugwireni.