Denga likudontha, iwo akuti ndi chalenji

Koma abale nkhani ya malipoti yanditopetsa. Ndimagwira ntchito ku nyumba yosungiramo mbewu kuno ku Kasungu, ndiye mwezi watha ndinalemba kuti tili ndi vuto, denga likudontha pa kona ya kuvuma ndipo matumba 40 a chimanga a makilo 50 anyowa, ena ayamba kale chuku, ukangolowa fungo lake limakulandira pakhomo. Abwana kuwerenga basi akuti ayi achimwene, mawu oti vuto amaopseza akuluakulu, lembani kuti pali kachalenji pa kasungidwe ka mbewu. Manambala onse fufutu.

Inetu sindikana kuti mawu ofewawa ali ndi malo ake. Msewu ukaterera nthawi ya dzinja lole nkuchedwa, chabwino, lembani chalenji kapena chopinga, palibe walakwa ndipo mvula simungaiyimitse. Koma denga lili ndi mwini wake woti alikonze, malata atatu ndi misomali basi.

Mmene ndimadziwira kuti mawu abisa chilungamo nkosavuta, ndimawerenga chiganizocho nkudzifunsa kuti kodi chawonongeka nchiyani, zingati, kuyambira liti, nanga akonze ndani. Mawu ofewa ngati "zofunika kuunikanso" sayankha funso ngakhale limodzi. Munthu wa ku likulu akawerenga zimenezo amangoti aa zili bwino, ndalama ya malata satumiza, ndiye mvula ikugwabe ndipo matumba aja dzulo ndawerenga afika 55. Alimi eni chimangacho akabwera kudzafunsa, ndidzawauza kuti chadyedwa ndi chalenji?