Bwana, dzutsani mutu papepalapo

Dzulo ndapsa mtima pamsonkhano wa katemera wa agalu kwathu kuno cha ku Kamwendo. Takhala padzuwa kuyambira m'mawa, mafumu pamipando, amayi pansi ana ali kumsana. Bwana wina wochokera ku boma anaimirira, n'kutulutsa mapepala atatu, n'kuika mphuno papepala mpaka kumapeto. Chiganizo china ndinachita kuchilemba pafoni kuti ndisaiwale: "Potsatira kukwera kwa chiwerengero cha anthu okhudzidwa ndi kulumidwa ndi agalu, kukhazikitsidwa kwa ndondomeko ya kaperekedwe ka katemera kwaganiziridwa kuti kuchitike m'dera lino." Mpweya unawathera pa "ndondomeko", eniake.

Pobalalika gogo wina anandigwira mkono. "Mwanawe, akuti agalu atani? Adzawapha?" Ndiye gogoyo akafika kumudzi akawauza chiyani anzake amene anatsala? Kandimverere adakanena za m'maluwa. Lachitatu agalu akabisidwa m'zigafa mudzati anthu akumudzi ndi osamva.

Pepala lolembera diso si loti mulitengere pamaikolofoni momwemo. Diso likasokera limabwerera m'mbuyo, khutu silibwerera. Mwina anawalembera ndi kalaliki usiku, kaya, izo n'zawo. Koma bwana akanangowerenga mokweza kamodzi m'galimoto akanamva okha pamene lilime likupunthwa. Paliponse pamene mpweya wakutherani, pamenepo dulani, chiganizo chatalika.

Tamverani uthenga womwewo: "Agalu aluma anthu ambiri kuno chaka chino. Chiwewe chikayamba kuoneka pamunthu, sichichizika. Ndiye Lachitatu tikubwera kudzabaya agalu. Pabwalo lino, 8 koloko m'mawa. Galu aliyense amene wakwanitsa miyezi itatu abwere." Mwachepa pati pamenepo? Ubwana wachoka? Ine ndikuona kuti wawonjezeka, chifukwa munthu wanena kuti "tikubwera", wadziika yekha pamzere. Uja wa "kwaganiziridwa" akubisala. Waganiza ndani? Mawu a "kukhazikitsidwa", "kaperekedwe", "kuchitidwa" amabisa mwini ntchito, ndipo anthu amamva kuti palibe amene angamufunse zinthu zikakanika. Bwezani mneni, tchulani wochita: ife tibaya, inu mubweretse, a mfumu alengeze.

Ndakhala ndikuyendetsa miyambo pa maukwati ndi pamisonkhano, pepala ndimaligwira ndithu, sindikuti mulitaye. Langa ndimalemba zilembo zikuluzikulu, chiganizo chilichonse pamzere wake. Popumira pang'ono ndimaika kamzere kamodzi, poima kuti mawu alowe timizere tiwiri. Tsiku, nthawi ndi malo ndimazizunguliza ndi bolopeni, chifukwa zimenezo zokha ndiye sindisintha ngakhale chilembo, ndipo ndimazinena kawiri. Chiganizo ndimachitola ndi maso, n'kudzutsa mutu, n'kuchimalizira ndikuyang'ana munthu. Chala chimatsala pamzere kuti ndisasokere. Mawu otsiriza azitsika pansi ngati munthu wotsimikiza, osati kukwera ngati mukupempha chilolezo.

Ndipo musandimve molakwa inu achinyamata amene mukangogwira maiki mumayamba "mafana, zikuyenda?" pamaso pa agulupu. Kuyankhula ngati munthu si kuchita nthabwala. Ulemu usiyeni pamalo pake: "inu", "mafumu athu", "amayi ndi abambo". Chimene chimagwetsa munthu waudindo si Chichewa chophweka, ndi timawu ta "mwina", "kapena", "ndikuona ngati", "tingoyesa". Mukati "mwina tibwera cha m'mawa" palibe amene amange galu wake. Chepetsani kutalika kwa mawu, osachepetsa kutsimikiza kwake.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mfundo yopulumutsa moyo inali patsamba lachitatu, anaiwerenga mothamanga anthu atayamba kale kukutumula zitenje. Galu akakuluma, tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti uone ngati galuyo apenge. Zimenezi zimafunika kunenedwa koyambirira, pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba, pepala lili pansi. Mayi amene mwana wake walumidwa usiku sakumbuka "kaperekedwe", akumbuka sopo ndi mphindi 15.

Nanga malonje aja? Mphindi khumi zathunthu kutchula maudindo, wapampando wa ichi, wachiwiri kwa wapampando wa icho, mpaka dalaivala anatsala pang'ono kutchulidwa. Amene anayankhula m'mbuyo anali atawatchula kale onsewo, katatu. Lonjerani mafumu, lonjerani anthu, lowani m'nkhani. Kubwera munabwera mochedwa ndi maola awiri, ife osadya, ndiye mutiwerengerenso kaundula wa anzanu amene munakwera nawo galimoto imodzi?