Sikirinishoti si ndalama, abale

Lero ndilankhule ndithu, amene akwiye akwiye.

Loweruka m'mawa mayi wina pa gulu lathu la maoda la pa WhatsApp anaitanitsa nkhuku ziwiri zososola kale ndi thireyi imodzi ya mazira, kuti tikawasiyire ku Eriya 49. Nkhuku K14,000 imodzi, mazira K12,000, ya njinga K4,000, zonse pamodzi K44,000. Pasanapite nthawi aponya sikirinishoti pagulu, pansi pake alemba kuti "Ndalipira, fulumirani ndili ndi alendo." Ndayang'ana foni ya bizinesi, zii. Ndawona balansi, ili pomwe inali. Ndawalembera kumbali mwaulemu kuti amayi, ndalama sinafike, tadikirani pang'ono tione. Iwo kumbaliko sanayankhe. Abwerera pagulu pomwe pali makasitomala anga onse n'kulemba kuti anthu inu ndinu akuba, mwadya ndalama yanga.

Akuba ife? Ndinatsegula kope momwe ndimalemba nambala ya malipiro aliwonse amene alowa. Nambala ya pa sikirinishoti yawo inalimo kale. Inali ya mwezi watha, tsiku limene mayi omwewo anagula katundu yemweyo pa mtengo womwewo, ndipo katunduyo analandira. Chithunzicho anachidula pamwamba kuti tsiku lisaoneke. Nditawaonetsa kumbali, akuti ndi mwana amene anasewera ndi foni. Mwana wodziwa kudula chithunzi ndendende pomwe pali deti, ameneyo ndiye tim'lembe ntchito. Pagulu paja mpaka pano sanabwerere kukanena kuti sitinawabere.

Ndiye ndimveni bwino. Chithunzi cha meseji si ndalama. Ndalama ndi imene yalowa mu foni yanga, ndaiona ndi maso anga, balansi yakwera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Sikirinishoti yanu ndi fodya wa pachala. Nkhuku siituluka mufiriji chifukwa cha chithunzi. Mnyamata wa kabaza saliza njinga chifukwa cha chithunzi. Pa filing'i sitesheni salandira chithunzi, kwa amene amandigulitsa nkhuku salandira chithunzi, ndiye ine ndekha ndilandire chithunzi chifukwa chiyani?

Ena mumati koma ife ndi makasitomala akale, mumatidziwa. Eee, ndimakudziwani, ndipo mayi a Lowerukawa analinso akale. Zinthu zavuta, tonse tikudziwa, koma zimenezo zisathere pa nkhuku zanga.

Mwina simudziwa zomwe ndimachita mukalemba kuti mwalipira, n'chifukwa chake mumaona ngati ndikukuchedwetsani dala. Chithunzi chanu sindiyambira kuyang'ana. Ndimayamba ndatsegula mameseji a mu foni yanga. Meseji yeniyeni ya Airtel Money kapena ya Mpamba imabwera ndi dzina la kampani, ndipo imagwera pansi pa mameseji ena akale a malipiro. Ikabwera payokha kuchokera pa nambala wamba ya munthu, ngakhale italembedwa bwino chotani, imeneyo wina wangoitaipa ndi zala zake. Ndikaipeza meseji ija ndimafananitsa ndalama, nthawi ndi nambala ya malipiro ndi zimene mwanditumizira. Ndikakayika ndimaimba *211# kapena *444# kuona balansi, chifukwa meseji munthu angathe kuipeka koma balansi sangaikweze ndi pakamwa. Kenako ndimasanthula m'kope kuti nambala imeneyo sinagwirepo kale ntchito. Zonse zikagwirizana ndimayankha pansi pa oda yanu mawu amodzi okha, "Yalowa". Mukaona mawu amenewo, katundu wanu ali m'njira. Musanawaone, simunalipire. Kaya mwalumbira, kaya mwatumiza zithunzi zitatu, simunalipire.

Ndikudziwa kuti nthawi zina netiweki imachita zake, makamaka potumiza kuchokera ku banki kupita pa foni. Kwanu ndalama yachoka, kwanga sinafike. Zimachitika, sindikukana, ndipo pamenepo palibe amene wanama. Koma ngakhale apo yankho ndi lomwelo: tidikire. Ikalowa katundu anyamuka, ikabwerera kwa inu mutumizanso. Chimene sindingachite ndi kutumiza nkhuku pa ndalama imene ili m'malere, kenako mawa yabwerera mu akaunti yanu, inu nkhuku mwadya kale ndi alendo anu, foni yanga simukuyankhanso.

Palinso inu amene mumalipira zoona koma mumandizunza chimodzimodzi. Oda yalembedwa ndi dzina lina, ndalama yachokera pa foni ya amuna anu kapena kwa ejenti wa pa msika, ndipo simunanene. Ine ndikuona K44,000 yalowa ndi dzina limene pagulu palibe. Loweruka anthu atatu angathe kuitanitsa katundu wa mtengo wofanana. Ndiziombeza ula kuti ya ndani? Ndiye pali fomu ija ndinaikhoma pamwamba pa gulu, imene ambiri mumaidumpha ngati yakulakwirani:

```
Dzina:
Katundu ndi kuchuluka kwake:
Malo ndi chizindikiro chapafupi:
Nambala ya wolandira:
Ndalama zonse:
Dzina la pa foni yolipira:
Nambala ya malipiro:
```

Mizere isanu ndi iwiri yokha. Simukulemba mayeso a MANEB apa. Mizere iwiri yomalizayo ndiyo imandiuza kuti ndalama iyi ndi ya oda iyi. Nambala ya malipiro ndimafuna muilembe kapena muikopere ngati mawu, kuti ndikafuna kuipeza tsiku lina ndingoisaka pagulu n'kuipeza. Ikakhala m'kati mwa chithunzi ndiyenera kutsegula zithunzi chimodzichimodzi usiku wonse. Ndipo meseji imodzi ikhale oda imodzi. Osati nkhuku mwalemba 7 koloko, mazira mwawonjezera 8 koloko pakati pa mameseji a anthu ena, malo mwanena pa voisi noti. Mukasintha maganizo lembani oda yatsopano yonse ndipo munene kuti yoyamba ija yafa. Kubwerera pa meseji yakale n'kuikonza mwakachetechete, nkhuku ziwiri kukhala zitatu ine nditawerengetsa kale, zimenezo ayi. WhatsApp imalemba "Edited" pansi pake, ndimaona.

Ndalama yoperewera nayonso si ndalama yonse. Oda ya K44,000 mwatumiza K40,000, mukuti yotsalayo mupatsa wa njinga akafika. Wa njinga wafika, wagogoda, watuluka ndi mtsikana wantchito amene sakudziwa kalikonse, madamu apita ku ukwati, foni yazima. Mnyamata aima pageti ndi nkhuku padzuwa, mafuta wawotcha kale kuchokera ku Kawale mpaka kumeneko, ndipo ali ndi maoda ena m'bokosi amene eni ake ayamba kale kundiimbira. K4,000 imeneyo ndimalipira ndine madzulo, chifukwa iye wagwira ntchito yake. Ndiye ndikati yonse ilowe kaye, musamati ndine wouma mtima.

Za anthu aja olemba kuti "pepani ndatumiza ndalama molakwika pa nambala yanu, ndibwezereni" sindichedwapo. Balansi ikapanda kukwera palibe chimene ndibweze. Ngati yalowadi molakwika, imbirani kampani ya foni yanu, ali ndi njira yawo yobwezera.

Tsopano kudandaula. Sindinaletse munthu kudandaula. Mazira amasweka, misewu yathu mukuidziwa, nthawi ya mvula kulowa m'makwalala a ku Chinsapo kapena ku Eriya 36 ndi thireyi kumbuyo kwa njinga si masewera. Mazira akasweka ndimabweza, nkhuku ikakhala kuti si imene munaitanitsa ndimasintha. Koma dandaulo lili ndi njira yake. Tsegulani katundu wa njinga asanachoke, jambulani chomwe chavuta, nditumizireni kumbali pamodzi ndi oda yanu tsiku lomwelo. Mukatero nkhani imatha msanga, chifukwa mnyamata akadali pafupi ndipo ndingathe kumufunsa. Koma kubwera Lachiwiri n'kumati nkhuku ya Loweruka inali yaing'ono, nkhukuyo ili kuti? Ndiyeze mafupa?

Ndipo mawu akuti "akuba" pagulu la anthu ambiri ndi olemera, abale. Inu mwalemba mwapsa mtima, mwaika foni pansi, mwaiwala. Amene analowa pagulu dzulo, amene anali pafupi kutumiza oda yake yoyamba, wawerenga ndipo wabweza ndalama yake m'thumba. Sadzafunsa kuti nkhani ija inatha bwanji. Ine monga adimini ndingathe kufufuta meseji ya munthu aliyense, koma ndikafufuta pamatsala chizindikiro choti adimini wafufuta, ndiye anthu amati onani akubisa. Ndikaisiya ikuipitsa dzina langa. Ndikaponya umboni pagulu akuti ndayalutsa kasitomala. Zonsezi chifukwa cha munthu amene sanalipire n'komwe.

Kuyambira Lolemba zikhala chonchi. Oda yopanda fomu sindiyankha. Chithunzi chodulidwa, chosaonetsa tsiku ndi nthawi, sindichiyang'ana n'komwe. Wotumiza malipiro akale ngati atsopano ndimuchotsa pagulu tsiku lomwelo osakambirana, kaya timapemphera tchalitchi chimodzi, kaya ndi achemwali a mnzanga. Maoda a tsiku lomwelo atseka 10 koloko m'mawa, ndipo usiku gulu ndizilitseka kuti azilemba ndi maadimini okha, chifukwa ena mumaponya oda pakati pa usiku kenako m'mawa mukukalipa kuti sitinakuyankheni.

Ndisanaiwale, inu a malo. "Ku Eriya 25, nyumba ya geti lakuda." Ku 25 kuli mageti akuda angati? Ku Nsungwi, ku Dzenza, kapena kuti? Tchulani sukulu, tchalitchi, chigayo, golosale, chilichonse chimene munthu wa pa njinga angaone ali pa msewu, kapena ponyani lokeshoni muli pakhomopo, osati muli ku ofesi ku City Centre. Mnyamata akuzungulira, akukuimbirani ndi mayunitsi ake, inu mukuti "ukhotere pomwe panali mtengo wa mango uja." Mtengowo anadula kalekale, iye audziwa bwanji?

Ndi mavoisi noti anu a mphindi zinayi aja, oyamba ndi moni wa banja lonse, oda ili kumapeto wailesi ikulira kumbuyo. Sindidzamveranso. Ndipo amene mukuponya maulaliki, mavidiyo a ndale ndi malonda anu a zitenje pa gulu la nkhuku, oda za anthu zikukwiririka pansi pa zinthu zanuzo. Tsegulani gulu lanu, n'zaulere.