Sport si ya msewu wa malata, anzanga a kum'mawa

Madalaivala ambiri kuno ku Chipata amaganiza kuti batani la Sport ndi la munthu wofulumira, Comfort ndi la munthu wonyamula agogo. Ine ndikuti batanilo musalisankhe poyang'ana liwiro lokha. Yang'anani mtundu wa mabampu amene ali kutsogolo kwanu. Ndifotokoza ndi Volkswagen Tiguan kapena Golf yokhala ndi DCC, mashoki olamulidwa ndi kompyuta, koma Prado ndi Land Cruiser zokhala ndi AVS, omwe ndi mashoki otero a Toyota, zimatsata nzeru yomweyo.

Mukadina Sport, masipuling'i sasintha, amene amasintha ndi mashoki. Mkati mwa shoki muli oyilo amene amakankhidwa kudutsa pa kanjira kakang'ono tayala likamakwera ndi kutsika. Pambali pa shoki ya DCC pali valavu ya magetsi yokhala ndi waya wake. Magetsi akachepa, oyilo amadutsa mosavuta ndipo shoki imafewa, akachuluka valavu imakanikiza ndipo shoki imalimba. Kompyuta imawerenga masensa atatu oyeza kukwera ndi kutsika kwa mawilo, atatu ena oyeza kugwedezeka kwa bodi, komanso liwiro, mabuleki ndi mmene mwapotolera chiwongolero, n'kumasintha shoki iliyonse payokha kambirimbiri pa sekondi imodzi. Choncho Comfort sikutanthauza kuti mashoki amakhala ofewa ulendo wonse. Mukaponda buleki mwadzidzidzi kapena kukhota mwamphamvu, kompyuta imawalimbitsa ngakhale muli mu Comfort. Batani limangouza kompyuta poyambira pake, ndi kuti izifulumira bwanji kulimbitsa.

Tiyerekeze ulendo wa Tiguan yonyamula anthu 5 ndi matumba kumbuyo, kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka pa Great East Road. Pa tala pali malo ena pamene msewu unamira pang'ono, kenaka n'kutukuka, ngati mafunde aatali. Bodi ya galimoto yokhala pa masipuling'i ake imadzitukula ndi kutsika kamodzi kapena kupitirira pang'ono pa sekondi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola mukuyenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi, ndiye mafunde otalikirana mamita 20 mpaka 25 amagunda ndendende pa kayendedwe ka bodiko. Galimoto imayamba kuyandama ngati bwato, kumbuyo kolemedwako n'kumafika pa mabampu sitopu, timphira toletsa galimoto kutsika mopitirira. Apa Sport ndi mnzanu, chifukwa shoki yolimba imaletsa kuyandamako pa funde loyamba. Imathandizanso pa makona a ku Manenekela kuseri kwa mlatho wa Luangwa: bodi sipendekeka mwadzidzidzi mukamachoka pa kona yakumanja kulowa yakumanzere. Koma pa kona yaitali galimoto idzapendekekabe mpaka pomwe imafika masiku onse, chifukwa malire amenewo amaikidwa ndi masipuling'i ndi sitebilaiza. Shoki imangochedwetsa.

Tsopano galimoto yomweyo ikhote kulowa msewu wafumbi wa kumidzi ya ku Chadiza kapena Vubwi m'chilimwe, pamene msewu wachita mizere ngati malata. Tinene kuti mizereyo yatalikirana masentimita 50. Pa makilomita 60 pa ola mukuyenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi, kutanthauza kuti tayala lililonse likumenyedwa kopitirira ka 30 pa sekondi imodzi. Pa kumenya kofulumira chotere oyilo alibe mpata wodutsa pa valavu yothinayo, shoki imakhala ngati mpini wa khasu, ndipo nkhonya iliyonse imakwera mpaka m'bodi. Dashibodi imalira, galimoto imanjenjemera, pa kona kumbuyo kumayamba kusendera m'mbali. Pamenepo ikani Comfort kapena Normal, ndipo chepetsani liwiro, pakuti kumenyedwa kwa nthawi yaitali kumatenthetsa oyilo wa m'shoki, n'kumaliza masilu ndi mabushi. Mahampu a m'tauni ndi maenje akuthwa m'mphepete ali m'gulu lomweli.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chiwongolero, chifukwa chimanamiza manja. M'galimoto za chiwongolero cha magetsi muli sensa yoyeza mphamvu imene manja anu akupotolera, ndi mota imene imawonjezerapo mphamvu yake. Mu Sport mota imathandiza pang'ono chabe, chiwongolero chimalemera ndipo chimakonda kubwerera pakati. Basi. Pa galimoto zambiri, mawilo amakhota mlingo womwewo pa kupotola komweko, ndipo matayala sagwira msewu kuposa kale. Munthu amamva kulemera m'manja n'kukhulupirira kuti galimoto yamatirira pansi, n'kulowa pa kona ya miyala yotayirira ndi liwiro limene matayala sangakwanitse. Kulemerako n'kwabwino pa tala wowongoka ngati wa pakati pa Katete ndi Petauke, chifukwa dzanja silisunthasuntha galimoto basi yaikulu ikakudutsani ndi mphepo yake. Pozemba maenje pa liwiro lochepa kapena popaka pa msika wa Kapata, n'kutopetsa mapewa chabe.

Ndi chifukwa chake ndimati amene galimoto yawo ili ndi Individual aigwiritse ntchito. Mmenemo mumasankha chilichonse pachokha. Pa misewu yathu yosakanikirana, tala apa zigamba apo, ikani DCC pa Comfort kapena Normal, chiwongolero pa Sport ngati mukupita kutali, injini pa Normal. Sport yathunthu imachititsanso giyabokisi kuchedwa kusintha magiya ndiponso imapangitsa akiseleta kuyankha msanga, zomwe pa fumbi zimazunguza matayala komanso kumwa mafuta popanda phindu.

Musanatsutse batani, onani ngati lidakali ndi choti n'kulamula. Galimoto zina zili ndi Sport yokhudza injini, magiya ndi chiwongolero basi, mashoki ake ndi wamba. Zina zinabwera ndi mashoki a magetsi koma atatha, wina anaikamo wamba chifukwa ndi otsika mtengo. Potozani chiwongolero mpaka kumapeto, suzumirani kuseri kwa tayala ndi tochi. Shoki ya DCC ili ndi kabotolo pambali kolowa waya, pamene pa ma Toyota ambiri kachipangizo kosintha kamakhala pamutu pa shoki. Mukapeza pulagi ili lende kapena yokulungidwa ndi tepi, dziwani kuti mashokiwo si ake. Kenaka onetsetsani mpweya matayala ali ozizira, motsata chomata cha pa chitseko kapena pa kachitseko ka mafuta, pakuti tayala lopopedwa mopitirira limachititsa Comfort kumveka ngati Sport. Mukatero dutsani pa hampu imodzi kawiri pa makilomita 20 pa ola, koyamba mu Comfort, kachiwiri mu Sport. Kusiyana kuyenera kumveka m'mpando.

Kukapanda kumveka, kapena galimoto ikakhala yolimba nthawi zonse ndipo nyali ya shoki yayaka pa dashibodi, musathamangire kugula mashoki 4. Waya ukaduka kapena sensa ikafa, kompyuta imasiya kulamula ndipo mavalavu amakhazikika pa mlingo umodzi. Kawirikawiri vuto ndi kamkono kapulasitiki ka sensa yoyeza kukwera kwa wilo, kamene mwala kapena chitsa chimathyola, kapena matope a dzinja olowa m'pulagi. Makaniko ayambe n'kulumikiza makina owerengera zolakwika kuti aone ndi wilo liti. Shoki ikakhala kuti yathadi, ikuchucha oyilo mpaka pansi, sinthani ziwiri za ekiselo imodzi, ndipo pa DCC pemphani kuti akonzenso poyambira pa masensa ndi makina aja, galimoto itakwezedwa mawilo ali m'malere. Akapanda kutero, kompyuta imawerengera kuchokera pa mlingo wolakwika ndipo nyali ija imatha kubwereranso.