Fyuzi siipsa yokha, yezani kaye musanaike ina

Lero ndakwiya, ndipo sindibisa. Mnyamata wina wabwera ndi ampulifaya yake yomwe inangoti zii nyimbo zili mkati. Nditatsegula ndapeza fyuzi yakupsa ataikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, n'kuibwezera pamalo pake. Akuti anamulangiza ndi mnzake wina "wodziwa zamagetsi". Atayatsa, sipika inangoti buu kamodzi, kenako fungo la chinthu chopserera. Chandipweteka kwambiri n'choti malitimita, mita yoyezera magetsi ija, ali nayo, wabwera nayo m'chikwama, koma sanaganize zoitulutsa. Safunsa anadya phula.

Abale, fyuzi siipsa yokha. Fyuzi ndi mlonda, imafa kuti zina zipulumuke. Ikapsa ndiye kuti magetsi adutsa mopyola muyeso, ndipo china chake mkatimo ndi chomwe chawakoka. Ukamangapo waya kapena ukaika fyuzi yaikulu, wachotsa mlonda wakuba ali m'nyumba. Inde, nthawi zina fyuzi imatopa ndi ukalamba, koma zimenezo uzidziwa bwanji usanayeze?

Ndipotu kuyezako si ntchito yovuta. Zulani pulagi kukhoma kaye. Musathamangire kugwira bolodi, chifukwa makapasita aakulu aja, ooneka ngati tizitini, amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Ikani mita pa DC, yezani pa miyendo yawo. Akaonetsa mavoti ambiri, akhuthuleni podutsitsa magetsiwo mu rezisita ya maomu 1,000 ya mawati 5 mpaka mita ionetse pafupi ndi 0. Osawagunditsa ndi sikuludiraiva ayi, mungathetheke nazo m'maso.

Kenako fyuziyo ichotseni m'chogwirira chake, musaiyezere pomwepo chifukwa magetsi a mita akhoza kuzungulira njira ina n'kukunamizani. Ikani mita pamene imalira nthambo zake ziwiri zikakhudzana. Fyuzi ikakhala yabwino mita imalira ndipo imaonetsa pafupi ndi 0. Ikakhala yakupsa mita silira, pagalasi la mita pamangolembedwa OL, kutanthauza kuti njira ya magetsi yaduka. Mukatero fyuziyo iyang'aneni pa kuwala. Ngati galasi lake lili loyera, kawaya kangoduka pakati, ndiye kuti inafa pang'onopang'ono, mwina ndi katundu wolemera. Koma ngati galasi lada bii mkati, magetsi anadutsa ambiri nthawi imodzi, ndipo pamenepo pali shoti. Fyuzi ya mnyamata uja nditaivula pepala lija inali yakuda ngati inasuta utsi. Inali itanena kale kuti mkati muli vuto. Iye n'kuitseka pakamwa!

Ine ndinayamba ndi sipika, nditachotsa nthambo zake ku ampulifaya. Mita pa Ω, poyezera maomu. Sipika yolembedwa maomu 8 ikakhala bwino imaonetsa 6 kapena 7, ndipo musadabwe kuti siikufika pa 8, ndi mmene zimakhalira. Ya maomu 4 imaonetsa cha m'ma 3. Yake inaonetsa OL, kutanthauza kuti koyilo inapsa n'kuduka. Nditakankha pepala la sipika ndi zala pang'ono, inkakhula mkati. Yatha imeneyo.

Pabolodi ndinayamba ndi madayodi anayi amene amawongola magetsi ochokera ku thiransifoma. Mita pa chizindikiro cha dayodi. Dayodi yabwino imaonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7 mbali imodzi, ukatembenuza nthambo imaonetsa OL. Ikaonetsa 0 mbali zonse ziwiri, yafa ndi shoti. Ake onse anali bwino. Makapasita nawo analiza mita kanthawi kochepa n'kusiya, zomwe n'zoyenera, chifukwa amakhala akudzaza magetsi a mita. Akanalira osalekeza, ndikanadziwa kuti iwowo kapena chinthu cholumikizidwa nawo chili ndi shoti.

Vuto ndinalipeza pa mathiransisita aakulu omangidwa pa chitsulo choziziritsa, amene amakankha sipika. Pakati pa kolekita ndi emita, iwiri mwa miyendo yake itatu, thiransisita yabwino siyenera kuliza mita mosalekeza. Imodzi mwa zake inkalira mbali zonse, 0 uku, 0 uku. Sindinakhulupirire ili pabolodi, popeza zinthu zoyandikana nayo zimatha kusokoneza. Ndinaisungunula n'kuichotsa, ndinayezanso ili m'manja, n'kupeza chimodzimodzi. Inzake yogwira nayo ntchito inali itafanso. Rezisita yoyera ya maomu 0.22 yomwe ili pa emita inaonetsa OL, ndipo kanjira ka kopa pansi pa bolodi kanapsa n'kutukuka. Poyeza rezisita zazing'ono chonchi, gunditsani kaye nthambo za mita muone zomwe zikuonetsa zokha, chifukwa nazonso zili ndi timaomu take.

Tsopano mvetserani chomwe pepala la fodya lija linachita. Ampulifaya imeneyi imayendera mavoti 35 mbali ya pulasi ndi 35 mbali ya mainasi. Thiransisita ikafa ndi shoti, imasanduka waya wamba, mavoti onse 35 aja n'kupita molunjika ku sipika. Pa koyilo ya maomu 6.5, amenewo ndi maampu oposa 5, mawati pafupifupi 190, osasinthasintha ngati nyimbo, angoima pamodzi n'kumawotcha. Fyuzi yoyamba inadula zimenezi msanga, n'chifukwa chake inapsa. Ulendo wachiwiri panalibenso wodula. Ndikukhulupirira ndithu kuti sipika ija ikanakhalapo lero akanangotulutsa mita m'chikwama.

Ndiye musandiuze kuti "ndinangofuna kuona ngati iyake". Kuona kumachitika ndi mita, pulagi ili pansi. Ngakhale mutasintha zonse zakufa, musalumikize sipika nthawi yomweyo. Ikani fyuzi yofanana ndendende ndi yakale. Werengani zolembedwa pachipewa chake: T2A 250V ndi fyuzi ya maampu 2 yochedwa kupsa, yopirira kukoka kwa thiransifoma poyatsa, pamene yoyamba ndi F imapsa msanga. Sizilowana m'malo. Poyatsa koyamba dutsitsani magetsi mu babu lakale lija la kawaya, la mawati 60 kapena 100, lolumikizidwa mondondozana ndi ampulifaya. Likawala kamodzi n'kuzilala, zili bwino. Likangowalabe kwambiri, shoti ikadalipo, zimitsani, ndipo palibe chomwe chapsa. Zikayenda, yezani mavoti mbali ziwiri zija, zikhale pafupifupi zofanana. Kenako mita pa DC, voliyumu pansi, yezani pomwe pamalowa nthambo za sipika. Pazioneka pafupi ndi 0, pansi pa mamilivoti 50. Mukaona mavoti athunthu pamenepo, sipika yanu isayandikire. Ndipo magetsi akayaka, mbali ya pulagi ndi thiransifoma musaikhudze, imapha.

Fyuzi ikapsa yezani. Ikapsanso kachiwiri, musaike yachitatu. Amene amakuuzani kuti ikani yaikulu kuti "ipirire" sadzakugulirani sipika ina.

Komanso inu okonda kulumikiza masipika ambirimbiri pa ampulifaya imodzi, mumanditopetsa. Nditamufunsa mnyamata uja, wavomera kuti tsiku lomwe inafa anamangapo masipika anayi a maomu 8 mbali imodzi, nthambo zonse pamalo amodzi. Anayi otero amatsika kufika pa maomu 2, pamene kumbuyo kwa ampulifaya yake kwalembedwa poyera kuti isatsike pa 4. Zilembo zake zazikulu, pafupi penipeni ndi pomwe ankamangapo nthambozo. Kodi mumaganiza kuti analemba zimenezo kuti akongoletse bokosi?