Chimene ndamugulira mwana wa achemwali amene wamaliza ku Bunda

Foni yanga yakhala ikulira kuyambira Lachisanu, ndipo amene akuimba onse akufunsa chinthu chimodzi, kuti amalume atumiza zingati. Palibe amene wandifunsa ngati ndili bwino kuno ku Joni kapena ngati ndalipira lendi ya mwezi uno. Mwana wamkazi wa achemwali anga wamaliza maphunziro ake a zaulimi ku Bunda, ndipo pagulu lathu la pabanja la pa WhatsApp atulutsa kale mndandanda wa zofunika paphwando: tenti, mipando, nkhuku, mpunga, zoziziritsa kukhosi, nsalu yofanana ya amayi. Pa dzina langa sanalembepo nambala, angolemba kuti "a ku Joni", ngati kuti kuno ndalama timatola pamsewu.

Ndawayankha kuti chaka chino ndalama ya phwando sinditumiza, ndipo mwanayo ndimupatsa mphatso yake m'manja mwake. Achemwali akwiya, akuti ndayamba kuumira, ndasanduka mtchona woiwala kwawo. Mawuwo andipweteka kwambiri, n'chifukwa chake ndikulemba izi, kuti anzanga amene muli kuno mumve mmene ndafikira pa maganizo amenewa.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba zitatu za ku Randburg. Malipiro otsikitsitsa amene boma la kuno linakhazikitsa mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo ambiri a ife timalandira pafupi ndi pomwepo. Ndiye munthu akanena kuti "ingotumizani R3,000 yokha", akunena maola opitirira 100 a msana wanga, m'nyengo yozizira ya kuno imene madzi amaundana m'paipi m'mamawa. Kumudzi sawerengera maolawo chifukwa sawaona, amangoona uthenga wa pafoni woti ndalama yalowa.

R3,000 imeneyo ndinatumizapo kale kwa mchimwene wake wa mtsikanayu, amene anamaliza ku Zomba. Munali mu Okutobala 2023. Mtima wanga unadzaza, chifukwa m'banja mwathu anali woyamba kufika ku yunivesite, ndipo ine monga malume ndinati ndimufupe. Nthawi imeneyo randi imodzi inkasinthidwa pa makwacha pafupifupi 60, ndiye inakwana cha m'ma K180,000. Ndinalakwitsa potumiza ndalamayo pa nambala ya achemwali, poganiza kuti ndi ulemu kudzera kwa mayi ake. Atangoilandira inasanduka ya banja lonse. Ina inalipira ngongole ya pagolosale, ina inagula mbuzi ya phwando, ina inapita kwa agogo amene ankadwala. Sindinganene kuti anaba, chifukwa zonsezo zinali zofunika, koma mnyamatayo anangopatsidwa K40,000, n'kuuzidwa kuti asunge adzagulire nsapato zovala pa intavyu.

Pasanathe milungu itatu, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha m'ma K1,180 inafika pa K1,700, ndipo mitengo m'masitolo inakwera sabata yomweyo. K40,000 ija inatsala dzina lokha. Ndikanadikira pang'ono, R3,000 yomweyo ikanabala makwacha pafupifupi 270,000. Apa ndinaphunzira kuti kwacha yosungidwa m'thumba imatha mphamvu msanga, ndipo mwana amene wangomaliza sukulu ndi amene amasunga ndalama nthawi yaitali, chifukwa akudikira ntchito imene sakudziwa kuti ibwera liti. Mnyamata uja anakhala pakhomo chaka chathunthu akubwereka foni ya mnzake kuti atumize makalata ofunsira ntchito. Lero ukamufunsa chimene amalume anamupatsa atamaliza digiri, alibe choti angaloze.

Ena munena kuti ndiye basi, katundu ndi amene ali bwino. Katundu nayenso ali ndi misozi yake, ndipo ndaiona ndi maso anga. Mnzanga amene timakhala naye pa yadi imodzi anagulira mwana wake foni yooneka bwino kwa anyamata a m'misewu ya m'tauni. Itafika ku Lilongwe inakana simukhadi ya kumudzi, chifukwa inali yokhomedwa pa netiweki ya kuno. Wina anatumiza suti ndi nsapato atangoyerekeza saizi pa chithunzi, nsapatozo anavala ndi bambo ake a mwanayo. Ndipo pali nkhani ya ulendo. Katundu wopita kumudzi amadutsa Beitbridge, n'kudutsa Zimbabwe mpaka Nyamapanda, kenako Tete, asanalowe pa Mwanza kapena pa Dedza. Ndi masiku awiri kapena atatu pamsewu, ndipo ukamupereka kwa tilansipota amakwera mu ngolo ya kumbuyo pamodzi ndi mafiriji, zigubu za mafuta ophikira ndi mabelo a zovala. Ine ndinatumizapo wailesi mwa njira imeneyi. Tinagwirizana mtengo kuno, koma atafika mwini galimoto anaimbira achemwali kuti awonjezere ina "ya pa boda", apo ayi katundu satsika. Wailesiyo inafika patatha milungu itatu, yosweka pakona. Ndikanakadandaula kwa ndani, poti ndinalibe lisiti ndipo mapepala anga okhalira kuno sandipatsa mphamvu yokangana ndi munthu?

Ulendo uno ndachita chinthu chimene ndinayenera kuchita kalekale. Ndinamuimbira mtsikanayo pa nambala yake, usiku, mayi ake atagona. Ndinati, "Iwe, usandiuze zimene akufuna amayi ako. Mawa lake phwando likatha, udzadzuka n'kuchita chiyani?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amalume, zaka zinayi zonse ndalemba ntchito za kusukulu pa laputopu ya mnzanga wa m'chipinda. Pulojekiti yomaliza ndinkailemba iye akagona. Pano wapita kwawo ku Mzimba nayo." Anandiuzanso kuti ntchito zimene anzake akupeza poyamba ndi zongogwira miyezi iwiri kapena itatu, zoyenda m'midzi kufunsa alimi mafunso a kafukufuku wa mabungwe, ndipo ambiri amafuna kuti utumize kalata ndi CV pa imelo. Kumalo olipiritsa makompyuta ku boma ndi ulendo wa kabaza, kupita ndi kubwerera. Za tenti sanatchule n'komwe.

Ndiye ndamugulira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, pa R3,200, m'sitolo yokhala ndi chitseko ndi lisiti, osati kwa munthu wa pamsewu. Ndinapita ndi mnyamata wa kutchalitchi kwathu amene amakonza makompyuta, ndipo zimene anachita zinanditsegula maso. Choyamba anauza wogulitsa kuti aizimitse n'kuiyatsanso ife tikuona, kuti titsimikize kuti sikufunsa mawu achinsinsi a mwini wake wakale, chifukwa zambiri zakuba zimadziwika pamenepo. Kenako anazula chaja n'kuisiya ikusewera kanema kwa mphindi 30 tikuyang'ana batire. Yoyamba imene tinaiona inatsika kuchoka pa 90 kufika pa 40, ndipo anati tiisiye, chifukwa kumudzi magetsi amathima maola ambiri, laputopu ya batire lakufa imangokhala chokongoletsa patebulo. Yachiwiri inangotsika pang'ono. Anaonetsetsanso kuti ili ndi 8 GB RAM ndi SSD, akuti ikatero siichedwa kutseguka ngakhale ndi yakale.

Pali kanthu kena kamene ambiri timaiwala. Pulagi ya kuno ili ndi mano atatu ozungulira, pamene soketi za ku Malawi zimalandira mano atatu a makona, ngati za ku Mangalande. Ukapanda kuganizira zimenezi, mwana amadula chingwe n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi kamtengo ka machesi, chaja n'kupsa. Ndagula chingwe cha mano a makona n'kuika m'chikwama momwemo. Galanti ya miyezi itatu imene anandipatsa ndikudziwa kuti ikangodutsa Limpopo yatha ntchito, chifukwa palibe amene adzaibweze kuno. N'chifukwa chake ndakhala nayo milungu iwiri m'chipinda changa, ndikuiyatsa madzulo aliwonse, kuti ngati ili ndi matenda aonekere ndikadali pafupi ndi sitoloyo.

Kwa tilansipota siipita. Pali mayi wina wa kwathu amene akupita pa basi kumapeto kwa mwezi, ndipo wavomera kuinyamula pamiyendo m'chikwama chake cha m'manja, lisiti ili momwemo kuti akafunsidwa pa boda aonetse mtengo wake weniweni. Ndamupatsa R200 ya zakumwa panjira, ndipo mtsikanayo akaichingamira yekha ku depoti ku Lilongwe.

Ndalama sindinaikane yonse. Laputopu siingakwere minibasi kupita ku intavyu, siigula bandulo, siilipira mafotokope a satifiketi. Ndamulonjeza R300 mwezi uliwonse kwa miyezi inayi, yolowa pa nambala yake ya foni, osati ya wina aliyense. Ndikudziwa kuti kutumiza kangapo kumandidyera zambiri pa ndalama yotumizira kusiyana ndi kutumiza kamodzi, koma ndalolera. Ndalama yochepa yobwera mwezi ndi mwezi siikopa maso a abale, ndipo imadikira kuno ili randi m'malo mosungunuka ili kwacha.

Chimene chikundiwawa n'chakuti achemwali akuona ngati ndawachotsa ulemu. Akuti pa perekaniperekani, mayina akamaitanidwa, anthu adzafunsa kuti malume wa ku Joni waponya zingati, ndipo iwo adzayankha chiyani? Ndikuwamvetsa. Analera ana awiriwa okha bambo awo atamwalira, anagulitsa mtedza ndi soya kuti apeze ya thiransipoti yopita ku Bunda, ndipo tsiku limenelo ndi lawonso. Ndawauza kuti nditumiza ya nkhuku zisanu, kuti asachite manyazi pamaso pa anthu. Koma sindingalole kuti thukuta langa la mwezi wathunthu lidyedwe masana amodzi, mawa lake mwana n'kudzuka wopanda cholembera kalata, ali ndi ngongole ya boma ya fizi imene adzayenera kubweza akadzayamba kulandira.

Dzulo usiku achemwali anandiimbiranso, ndipo sitinamvane. Anati, "Achimwene, kwathu kuno mphatso imaperekedwa pagulu, anthu aone." Ndinawayankha kuti ngati akufuna, mtsikanayo adzainyamule laputopuyo pa phwando, aikweze m'mwamba anthu aione, ine ndilibe nazo vuto. Anadula foni tisanatsanzikane. Laputopu ili pano pansi pa bedi langa, ndaikulunga mu juzi, ndipo mayi uja anyamuka pa Park Station Loweruka la mawa.