Asatinamize kuti mapadi onse ndi ofanana

Loweruka lapitali ndinatsika minibasi nditadzimangira chitenje cha mayi wina amene sindikumudziwa n'komwe, chifukwa padi imene ndinavala ndisananyamuke kunyumba inalephera kugwira ntchito yake pa ulendo wa maola awiri okha. Mayiyo anangondikodola mwakachetechete n'kunena kuti, “Achemwali, tayambani mwafunda ichi musanaimirire.” Ndikumuthokoza, koma mkwiyo wanga uli pa wogulitsa m'sitolo amene dzulo lake anandiuza molimba mtima kuti nditenge paketi yotchipayo, ya dzina limene ndinali ndisanalionepo, chifukwa mapadi onse ndi ofanana ndipo chimasiyana ndi pepala lakunja lokha. Mawu amenewo ndi bodza, ndipo ndi bodza limene likutidyera ndalama ndi ulemu mwezi ndi mwezi.

Mapadi si ofanana. Mtengo wolembedwa pa paketi si mtengo wa msambo wanu, chifukwa chimene muyenera kuwerenga ndi ndalama zimene mwawononga kuchokera tsiku loyamba kufikira lomaliza. Ine ndimasamba masiku 5, ndipo awiri oyambawo magazi amatuluka ambiri. Paketi yotchipa ija inali ndi mapadi 8 ndipo ndinaigula K1,500, pamene imene ndinazolowera, ya mapadi 8 omwewo, inali pa K2,000. Yotchipayo inkadzadza pakangotha maola awiri, moti pofika tsiku lachisanu ndinali nditatha mapaketi atatu, amene ndi K4,500. Yozolowera ija ndimatha mapaketi awiri, amene ndi K4,000. Ndiye kutchipako kuli pati? Ndinalipira K500 yoonjezera kuti ndigule manyazi pagulu, osawerengera sopo wochapira siketi ndi chitenje cha eni ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo paketi ija inali yokongoladi kuposa zonse pa shelefu.

Amene amanena kuti zonse ndi chimodzimodzi sanayambe wayendapo padzuwa la mwezi wa Okutobala atavala padi ya pamwamba pa pulasitiki. Padi yotero simapitisa mpweya, imasunga thukuta, ndipo pofika madzulo m'mphechepeche mumakhala mutasupuka, makamaka ikakhala yothiridwa mafuta onunkhira amene amayabwitsa akazi ambiri. Padi yabwino imakoka magazi kuwalowetsa m'kati, pamwamba n'kukhala pouma, pamene yoipa imawasiya pamwamba n'kuwathamangitsira m'mbali. Mungathe kuzindikira nokha poichotsa: ngati pakati pali poyera koma m'mphepete mwanyowa, kapena ngati thonje lake launjikana pamodzi ngati mbamu ya nsima yadzulo, vuto si thupi lanu koma padiyo. Onaninso guluu wa pa mapiko, chifukwa padi imene imayendayenda m'kabudula wam'kati idzakuchititsani manyazi ngakhale itakhala yokhuthala chotani.

Ngakhale mayina odziwika monga Always, Kotex ndi Softcare ali ndi mitundu yosiyanasiyana pansi pa dzina limodzi, ndipo kungotchula dzina kwa wogulitsa sikokwanira. Pa paketi pamalembedwa utali wa padi m'mamilimita: ya 240 ndi ya masana pamene magazi achepa, ya 280 kapena 290 ndi ya masiku ovuta, ndipo yopitirira 300 ndi yogonera. Kukhuthala nakonso sikutanthauza kumwa kwambiri, popeza padi yopyapyala yokhala ndi timibulu timene timasanduka ngati phala tikanyowa imatha kusunga magazi ambiri kuposa yokhuthala ya thonje lokha. Wogulitsa uja zonsezi sanazidziwe, kapena anazidziwa koma anafuna kuti katundu wake atuluke, ndipo zonse ziwirizi sizindikhudza.

Tsono ndikufuna ndinene za kapu ya msambo, chifukwa mng'ono wanga wakhala akuigwiritsa ntchito zaka zitatu, ndipo ine ndinaiyesa n'kuisiya msanga chifukwa cha kupupuluma. Kapuyi ndi ya silikoni wofewa, imapindidwa n'kulowetsedwa kumaliseche, ndipo simwa magazi koma imawalandira. Makapu ambiri, monga Ruby Cup, Mooncup ndi Lunette, amabwera m'masaizi awiri, ndipo amalandira mamililita apakati pa 20 ndi 35. Munthu angathe kukhala nayo maola 8, ena mwa opanga amalola mpaka 12, kenako amataya magaziwo, kuitsuka ndi madzi oyera n'kuibwezeramo, ndipo msambo ukatha amaiwiritsa m'madzi kwa mphindi zosachepera 5. Mu 2019 magazini ya zaumoyo ya Lancet Public Health inafalitsa kafukufuku wophatikiza zofufuza 43, amene anapeza kuti kapu simadontha kuposa mapadi, ndipo nthawi zina mapadi ndiwo amadontha kwambiri kuposa kapu. Kapu imodzi yosamalidwa bwino imatha kufika zaka 10. Ngakhale mutaigula K30,000, munthu wowononga K4,000 pamwezi ngati ine ndalamayo imabwerera pa mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo zaka zotsalazo sagulanso kanthu.

Koma pano ndikanenso bodza lomwelija litavala malaya ena, chifukwa makapu nawonso si ofanana. Mng'ono wanga anayamba ndi kapu yolimba kwambiri imene inkamutsendereza chikhodzodzo, moti ankamva mkodzo nthawi zonse, ndipo anapeza mtendere atasinthira ku yofewa. Yofewa kwambiri nayo ili ndi vuto lake, popeza nthawi zina simatambasuka ikalowa, ndipo kapu yosatambasuka imadontha ngati kuti palibe chimene mwavala. Kuti mudziwe kuti yakhala bwino, mumazungulitsa chala m'mbali mwake kuti mumve ngati palibe popindika, kenako mumakoka kamchira kake pang'ono, ndipo ikakana kutsika ndiye kuti yagwira. Utali wake uyenera kugwirizana ndi pamene pali khomo la chiberekero chanu, chifukwa mkazi amene khomolo lili pafupi akagula kapu yaitali imamubaya akakhala pansi. Poichotsa mumatsina tsinde lake kaye kuti mpweya ulowe, osangokoka ndi mphamvu, ndipo amene anaikitsa lupu ayambe wafunsa namwino. Kuzolowera kumatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ine ndinagonja pa mwezi woyamba, koma zimene zandichitikira Lowerukazi zandibwezera ku kapu yanga.

Chimene ndikukana ndi chakuti munthu amene sadzavala chinthucho andiuze kuti nditenge chilichonse. Thupi la mkazi wobereka ana atatu silifuna zofanana ndi la mtsikana wa Fomu 1, ndipo tsiku lachiwiri la msambo silifuna zofanana ndi lachisanu. Boma linachotsa msonkho wolowetsera mapadi m'dziko muno mu 2022, ndipo tinaomba m'manja, koma kugwa kwa kwacha kunameza zonse, ndiye ndalama yochepa imene tili nayo isapitenso ku zinthu zimene sizigwira ntchito.

Ndipo pamene ndinatsika minibasi ija ndinalipira kuti ndilowe m'chimbudzi cha pa depoti, koma ndinapeza mpopi wouma, chitseko chopanda loko, ndipo panalibe ngakhale bini yotayamo padi. Mkazi wovala kapu akanasamba kuti m'manja asanaichotse, nanga akanaitsuka ndi chiyani? Amene amatolera ndalama pakhomo paja anandipatsa kachidutswa ka pepala kosakwana chikhatho changa, ndipo padi yonyowayo ndinaikulunga m'jumbo n'kuyenda nayo m'chikwama mpaka kunyumba.